Mpweya wadekha, koma mamolekyu ake akuthamanga mamita 517 pa sekondi: nambalayi imachokera kuti?

Khalani m'chipinda chotseka mazenera masana kukutentha madigiri 27. Mphepo palibe, nsalu ya pazenera sikugwedezeka. Koma buku la fizikisi likuuzani kuti mamolekyu a naitrojeni, amene ndi ochuluka kwambiri mu mpweya umene mukupumawo, akuthamanga mamita 517 pa sekondi, kutanthauza makilomita pafupifupi 1,860 pa ola, kuposa ndege iliyonse yonyamula anthu imene ikuuluka masiku ano. Ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti wolemba bukulo analakwitsa. Ena amangoloweza fomula n'kukhoza mayeso, koma mukawafunsa kuti 517 ameneyu ndi liwiro la molekyu iti, amasowa chonena.

Chisokonezo chimayamba chifukwa cha kaganizidwe kakuti kutentha kumalamula liwiro. Kutentha kumalamula mphamvu ya kuyenda imene molekyu iliyonse imakhala nayo tikatenga avareji. Liwiro limadza pambuyo, ndipo limadalira kulemera kwa molekyuyo.

Kukankha kwa mpweya ndi kugunda

Amene anagonapo m'nyumba ya malata kukugwa matalala akudziwa kuti akayamba mumamva limodzilimodzi, koma akachuluka phokoso lonse limasanduka mkokomo umodzi wosadukiza. Ndi mmenenso mpweya umakankhira khoma la tayala la njinga. Kamolekyu kalikonse kamagunda khomalo n'kubwerera, ndipo popeza ndi tambirimbiri, kugundako kumamveka ngati kukankha kosasintha.

Ganizo limeneli analemba ndi Daniel Bernoulli wa ku Switzerland m'chaka cha 1738, koma linakhala zaka zoposa 100 anthu osalilabadira kwenikweni. Amene analiika pamaziko olimba ndi Rudolf Clausius wa ku Germany mu 1857.

Tiyerekeze kuti mamolekyu onse m'tayalamo awonjezera liwiro kawiri. Iliyonse igunda khoma mwamphamvu kawiri, izi n'zodziwikiratu. Komanso iwoloka tayalalo mwachangu kawiri, ndiye ifika pakhomapo kawiri pa nthawi imene kale inkafika kamodzi. Kawiri kuchulukitsa ndi kawiri ndi kanayi. Choncho kukankha kwa mpweya kumatsatira liwiro lochulukitsidwa ndi ilo lomwe, chimene m'kalasi timati kusikweya. Masamu ake akatha amatuluka chonchi:

p = (1/3) ρ ⟨v²⟩

Apa p ndi kukankha kwa mpweya, ρ ndi kulemera kwa mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse, ndipo ⟨v²⟩ ndi avareji ya masikweya a liwiro. Nambala 3 yabwera chifukwa molekyu ingathe kuyenda m'njira zitatu, chakutsogolo ndi kumbuyo, cham'mbali, ndiponso chokwera ndi chotsika, ndipo khoma limodzi limangomva gawo limodzi mwa magawo atatuwo.

Chimene chimandisangalatsa pa fomula imeneyi n'chakuti mulibe kulemera kwa molekyu imodzi. M'nthawi ya Clausius palibe amene ankadziwa kuti molekyu imalemera bwanji, kapena kuti m'botolo muli zingati. Koma kukankha kwa mpweya kunkayezeka, kulemera kwa mpweya wa m'botolo kunkayezekanso, ndipo ziwirizi n'zokwanira. Clausius anapeza kuti pa kuzizira kumene madzi amaundana, okosijeni amathamanga mamita 461 pa sekondi, naitrojeni 492, ndipo haidrojeni 1,844. Nambala zimenezi sizinasinthe kwenikweni mpaka lero.

Avareji ya mtundu wina

Mamolekyu sathamanga mofanana. Ina yangogundidwa kumene ndipo yatsala pang'ono kuima, ina yagundidwa kumbuyo kangapo ndipo ikuthamanga koopsa. Tikafuna nambala imodzi yoimira onsewo, tiyenera kusankha mtundu wa avareji.

Tikawerengera ndi mbali imene molekyu ikulowera, yankho ndi ziro, chifukwa opita kum'mawa ndi ochuluka chimodzimodzi ndi opita kumadzulo. N'chifukwa chake nsalu ya pazenera ija sikugwedezeka. Mphepo imakhalapo pokhapokha gulu lonse likamasunthira mbali imodzi.

Tingathenso kungophatikiza liwiro la onse n'kugawa ndi chiwerengero chawo, monga mmene mphunzitsi amachitira ndi malikisi. Imeneyo ndi avareji wamba. Koma taona kale kuti kukankha kwa mpweya kumatsatira sikweya ya liwiro, ndipo mphamvu ya kuyenda nayonso ndi choncho, pakuti ndi theka la kulemera kuchulukitsa ndi sikweya ya liwiro. Ndiye pamafunika avareji yolemekeza masikweyawo. M'mabuku imalembedwa v_rms, ndipo zilembo zitatuzo zikungotchula masitepe ake kuyambira kumapeto: sikweyani liwiro lililonse, pezani avareji ya masikweyawo, kenaka tengani sikweya ruti kuti mubwerere ku mamita pa sekondi.

Tiyese ndi mamolekyu atatu okha, othamanga mamita 100, 400 ndi 700 pa sekondi. Avareji wamba ndi 400. Masikweya awo ndi 10,000, 160,000 ndi 490,000. Tikaphatikiza tipeza 660,000, tikagawa patatu 220,000, ndipo sikweya ruti yake ndi 469. Taonani kuti 469 waposa 400. Molekyu yothamanga 700 ija yokha yatenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu yonse, ndiye yakokera yankho kumbali yake. Zimakhala choncho nthawi zonse: v_rms imaposa avareji wamba, ndipo ziwirizi zimafanana pokhapokha mamolekyu onse ali ndi liwiro limodzi.

Tsopano funso lija layankhika. M'gulu la atatuwa mulibe molekyu yothamanga 469. Nambalayi ikunena kuti, onse atatu akanathamanga 469, mphamvu yawo yonse pamodzi ikanafanana ndi imene ali nayo panopa, ndipo akanakankha khoma chimodzimodzi. Ndi liwiro la molekyu imene yanyamula mphamvu ya pakatikati ndendende.

Chimene kutentha kumayeza

Kale Clausius asanalembe, oyeza mipweya anali atapeza lamulo lakuti pV = nRT, lolumikiza kukankha kwa mpweya, kukula kwa malo umene uli, kuchuluka kwake, ndi kutentha kwake. Mukaika lamuloli pambali pa fomula ya kugunda ija, zinthu zambiri zimafafanizika ndipo chotsala ndi ichi:

⟨E⟩ = (1/2) m ⟨v²⟩ = (3/2) k T

Kumanzere kuli avareji ya mphamvu ya kuyenda ya molekyu imodzi, ndipo m ndi kulemera kwa molekyuyo. Kumanja kuli kutentha T ndi nambala yosasintha k, yotchedwa ndi dzina la Ludwig Boltzmann. Kumanjaku kulibe chilichonse chonena za mtundu wa mpweya. Pa kutentha kumodzi, kaatomu ka hiliyamu kopepuka kwambiri ndi molekyu yolemera ya kaboni dayokisaidi zili ndi avareji yofanana ya mphamvu ya kuyenda.

Ganizirani mwana ndi munthu wamkulu wonenepa amene apatsidwa mphamvu yofanana kuti athamange nayo. Mwanayo aliyatsa liwiro, wamkuluyo ayenda pang'onopang'ono. Mu mpweya kugawana kumeneku kumachitika kudzera m'kugundana: yokhala ndi mphamvu zambiri ikakumana ndi yoperewera, kawirikawiri imasiyako zina, mpaka mitundu yonse ifanane pa avareji.

Mmodzi mwa anthu oyamba kunena zimenezi anali John James Waterston wa ku Scotland, amene ankagwira ntchito ku Bombay. Mu 1845 anatumiza pepala lake ku Royal Society ya ku London, koma silinasindikizidwe. Linakhala m'nkhokwe ya mapepala mpaka Lord Rayleigh analipeza n'kulisindikiza mu 1892, mwini wake atamwalira kale. Nkhani imeneyi imandimvetsa chisoni nthawi zonse ndikaikumbukira, chifukwa munthuyo anali ataona choona zaka 12 Clausius asanalembe.

T wa mu fomulayi sawerengedwa m'madigiri a pa wailesi aja. Amawerengedwa m'makelivini, muyezo umene unayambira pa ganizo la William Thomson, amene pambuyo pake anatchedwa Lord Kelvin, mu 1848. Ziro wake ali pa madigiri 273.15 pansi pa pamene madzi amaundana. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona: madzi akamaundana, mamolekyu a mpweya amakhala akuthamangabe mamita mazanamazana pa sekondi, ndiye ziro wa madzi oundana sangakhale ziro wa mphamvu. Madigiri 27 ndi makelivini 300. Ndipo kuyambira pa 20 Meyi 2019, k anaikidwa kukhala 1.380649 × 10⁻²³ J/K ndendende, moti lero kelivini imatanthauziridwa kuchokera ku mphamvu, osatinso kuchokera ku madzi.

Naitrojeni pa makelivini 300, sitepe ndi sitepe

Tiyambe ndi mphamvu. Theka la 3 kuchulukitsa ndi k kuchulukitsa ndi 300 zikutipatsa majulu 6.21 × 10⁻²¹ pa molekyu imodzi. Ndi kamphamvu kochepa zedi. Koma molo imodzi ya mpweya, imene kwa naitrojeni ndi magalamu 28, ili ndi mamolekyu 6.022 × 10²³, ndipo onse pamodzi ali ndi majulu pafupifupi 3,740. Mphamvu imeneyi ingakweze thumba la chimanga la makilogalamu 50 m'mwamba mamita oposa 7, ndipo ili mu mpweya wodzaza pafupifupi malita 25 okha.

Liwiro timalipeza potembenuza fomula ija. Tikagwiritsa ntchito molo m'malo mwa molekyu imodzi, imakhala:

v_rms = √(3RT/M)

R ndi 8.314 J/(mol·K), ndipo M ndi kulemera kwa molo imodzi m'makilogalamu, kwa naitrojeni 0.028. Pamwamba, 3 × 8.314 × 300 ndi 7,482.6. Tikagawa ndi 0.028 tipeza pafupifupi 267,200. Sikweya ruti yake ndi 517.

Tingatsimikize ndi njira ya Clausius ija. Pa kutentha kumeneku ndiponso pa kukankha kwa mpweya kwa m'mphepete mwa nyanja ya mchere, mapasikali 101,325, bokosi la mita imodzi mbali zonse lodzaza naitrojeni limalemera makilogalamu 1.138. Chulukitsani 101,325 ndi 3, gawani ndi 1.138, tengani sikweya ruti: 517 yemweyo.

Sinthani M yekha, zina zonse zikhale momwemo. Okosijeni, wa magalamu 32, atuluka 484. Kaboni dayokisaidi, wa magalamu 44, atuluka 412. Hiliyamu, wa magalamu 4, atuluka pafupifupi 1,370. Hiliyamu ndi wopepuka kasanu ndi kawiri kuyerekeza ndi naitrojeni, koma liwiro lake langoposa ka 2.6, chifukwa kulemera kuli pansi pa sikweya ruti. Kusiyana kumeneku kumagwira ntchito ngakhale kukhale kochepetsetsa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ku Oak Ridge m'dziko la America anamanga fakitale yolekanitsa mitundu iwiri ya yureniyamu poisandutsa mpweya. Molekyu yopepukirapo inali ya magalamu 349 pa molo, inzake ya 352, ndipo liwiro lawo limasiyana ndi magawo 4 okha pa 1,000, n'chifukwa chake mpweyawo unkadutsa m'masefa ambirimbiri motsatizana.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri pa masamuwa ndi ziwiri, ndipo zonse zimadziulula zokha. Woiwala kusandutsa magalamu kukhala makilogalamu, n'kuika 28 m'malo mwa 0.028, amapeza mamita 16 pa sekondi, liwiro la galimoto ya m'tauni. Woika 27 m'malo mwa 300 amapeza 155. Njira yodziwira kuti pena palakwika ndi kukumbukira liwiro la phokoso. Phokoso limayenda mu mpweya pafupifupi mamita 347 pa sekondi pa kutentha kumeneku, ndipo limanyamulidwa ndi mamolekyu omwewo pogundana, ndiye silingawapitirire onyamula ake. Yankho la v_rms likatsika pansi pa liwiro la phokoso mu mpweya womwewo, bwererani mukaone miyezo.

Cholakwika chachitatu chili m'kaganizidwe. Funsani kuti liwiro lisintha bwanji kutentha kukakwera kuchoka pa madigiri 27 kufika 54, ambiri ayankha kuti liwonjezeka kawiri. Koma m'makelivini tachoka pa 300 kufika 327, mphamvu yakwera ndi magawo 9 pa 100, ndipo liwiro langofika 540. Kuti 517 asanduke 1,034 pafunika kutentha kuwonjezeke kanayi, kufika makelivini 1,200, amene ndi madigiri 927.

Nanga fungo limachedweranji?

Clausius atangofalitsa nambala zake, katswiri wa zanyengo wa ku Netherlands, Buys Ballot, anatsutsa ndi mfundo yomveka bwino. Ngati mamolekyu amathamangadi chonchi, fungo lotuluka pakona imodzi ya chipinda liyenera kufika pakona ina nthawi yomweyo, koma tonse timadziwa kuti limatenga nthawi.

Yankho la Clausius, mu 1858, linali lakuti molekyu sipita patali isanagunde inzake. Mu mpweya wamba mtunda umenewu ndi pafupifupi mananomita 70, kutanthauza kuti mitunda yotere yoposa 10,000 ndiyo ingakwane milimita imodzi, ndipo molekyu iliyonse imagundana maulendo mabiliyoni angapo pa sekondi. Zili ngati munthu wothamanga kwambiri amene walowa mumsika wodzaza tsiku la malipiro atamangidwa nsalu kumaso: miyendo ikuthamangadi, koma sitepe iliyonse akugunda munthu n'kutembenukira kwina, ndipo pakatha ola amapezeka sanachoke patali ndi pamene analowera. Kunena zoona, fungo la anyezi wokazinga likakupezani pabalaza, mbali yaikulu ya ulendowo lanyamulidwa ndi timphepo ta m'nyumba. Kukanakhala kugundana kokha, kuwoloka chipinda kukanatenga masiku.

Mmene liwiro limagawikira

Mu 1860 James Clerk Maxwell anawerengera kuti ndi mamolekyu angati amene amakhala pa liwiro lililonse, ndipo Boltzmann anakulitsa ntchitoyo m'zaka zotsatira. Chithunzi chake ndi phiri lopendekeka: limakwera msanga kuchokera pa ziro, kenaka limatsika pang'onopang'ono ndi mchira wautali kumbali ya othamanga kwambiri. Kwa naitrojeni pa makelivini 300, nsonga ya phirilo ili pa 422, avareji wamba ili pa 476, ndipo v_rms ili pa 517. Nambala zonse zitatu ndi zoona, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Pofuna kudziwa kuti mamolekyu amagunda khoma kangati, kapena kuti amatuluka msanga bwanji pa kabowo kakang'ono, pamafunika avareji wamba. Pa mphamvu ndi kukankha pamafunika v_rms. Ku mchira kuja, pafupifupi molekyu imodzi pa 100 iliyonse imaposa mamita 1,000 pa sekondi.

Zonsezi zinali masamu okha kwa zaka 60. Mu 1920 ku Frankfurt, Otto Stern anatenthetsa waya wokutidwa ndi siliva m'chipangizo chopanda mpweya chimene chinkazungulira. Maatomu a siliva akamauluka kuchoka pa waya kupita ku khoma, khomalo limakhala litasuntha pang'ono, ndipo kusunthako kunamuuza liwiro lawo. Mu 1955 Miller ndi Kusch ku yunivesite ya Columbia anayeza kagawikidwe konse ndi maatomu a potaziyamu ndi thaliyamu, ndipo kanagwirizana bwino ndi masamu a Maxwell.

Pamene fomula imalekezera, ndi mafunso otsala

Fomula ya (3/2)kT imangowerengera kuyenda kwa molekyu kuchoka pano kupita apo. Kwa hiliyamu, amene ndi atomu imodzi, mphamvu yake ya kutentha ndi yomweyo basi. Koma molekyu ya naitrojeni ndi maatomu awiri ogwirana, ndipo imathanso kuzungulira. Pa kutentha kwa m'chipinda kuzungulirako kumasunga mphamvu yowonjezera ya kT, moti yonse pamodzi ndi (5/2)kT. Zimenezi sizisintha v_rms, koma amene angagwiritse ntchito (3/2)kT powerengera moto wofunika kutenthetsa mpweya apeza yankho loperewera.

Apa ndi pamene panavuta Maxwell mwini wake. Malinga ndi masamu a nthawi yake, maatomu awiriwo amayeneranso kunjenjemera ngati ali pa sipuling'i n'kutenga gawo lawo la mphamvu, koma kuyeza kunkaonetsa kuti satero. Haidrojeni akazizira kwambiri, cha m'ma makelivini 50, amasiyanso ngakhale kuzungulira komwe. Funso limeneli linayankhidwa ndi fizikisi ya kwantamu m'zaka za m'ma 1900: kuzungulira ndi kunjenjemera kumalandira mphamvu m'timagawo, ndipo ngati kT ndi yochepa kuposa kagawo kamodzi, kayendedwe kameneko sikayamba n'komwe. Pafupi ndi ziro wa kelivini, fomula ya liwiro ija nayonso imasiya kugwira ntchito pa zifukwa za kwantamu.

Pali mafunso awiri amene akatswiri akulimbana nawobe. Loyamba likukhudza malo amene kugundana n'kochepa. Masamu a Maxwell amadalira kuti mamolekyu azigundana pafupipafupi mpaka agawane mphamvu. Mu mphepo yochokera ku dzuwa, imene ndi tinthu ta magetsi totuluka ku dzuwa nthawi zonse, tinthuto timauluka mitunda yaitali tisanakumane, ndipo zombo za m'mlengalenga zapeza kuti maelekitironi othamanga kwambiri ndi ochuluka kuposa mmene phiri la Maxwell limanenera. Akatswiri sanagwirizane kotheratu kuti mchira wonenepawo umachokera kuti, kaya umabadwira pafupi ndi dzuwa kapena umapangika m'njira chifukwa cha mafunde a magetsi ndi maginito. Ndipo m'malo otere, kodi nambala imodzi yotchedwa kutentha ikutanthauzabe chimene imatanthauza m'chipinda mwathu muja?

Lachiwiri ndi la masamu enieni. Malamulo a Newton a timipira togundana salabadira kuti nthawi ikupita kutsogolo kapena kumbuyo, koma mpweya nthawi zonse umalowera ku kagawikidwe ka Maxwell ndipo subwerera. Mu 1900 David Hilbert anaika pa mndandanda wa mafunso ake pempho lakuti malamulo a mpweya atulutsidwe mosadumpha sitepe kuchokera ku malamulo a tinthu timeneti. Oscar Lanford anachita zimenezi mu 1975, koma kwa kanthawi kochepa kuposa kamene molekyu imatenga pakati pa kugundana kuwiri. Mu 2024 ndi 2025 Yu Deng, Zaher Hani ndi Xiao Ma anatulutsa ntchito yotalikitsa nthawiyo, ya timipira tolimba mu mpweya wochepa kwambiri. Za mpweya wothithikana, kumene mamolekyu amakokana ndipo atatu amatha kugundana nthawi imodzi, palibe amene wafika nazo pamlingo umenewo.